Kusiyanitsa ndi Kutchula Zitatu: Umo Mawu a Pamsonkhano Amakhalira m'Khutu

Munthu wowerenga kalata ali ndi mwayi umene womvetsera pabwalo alibe. Chiganizo chikamuvuta, wowerengayo abwerera m'mbuyo nachiwerenganso kawiri kapena katatu kufikira atachimvetsa. Womvetsera sangatero, pakuti liwu likatuluka m'kamwa lapita, ndipo lina lili kudza pambuyo pake. Chifukwa chake munthu wofuna kukopa anthu ndi pakamwa ayenera kumanga ziganizo zake mwa njira yakuti khutu lidziwiretu kumene chiganizo chili kupita chisanafike. Mwa njira zonse zochitira ichi, ziwiri ziposa zinzake: kusiyanitsa zinthu ziwiri zotsutsana, ndi kutchula zinthu zitatu motsatana.

Kusiyanitsa si chinthu chachilendo kwa Achewa, popeza miyambi yambiri inamangidwa motero. Wina akati, "Chaona mnzako chapita," ngakhale mwana adziwa kuti mawuwo sanathe, nayembekeza mbali yachiwiri yakuti, "mawa chiona iwe." Mnzako aimirira mbali iyi, iwe mbali inayo; chapita chiyang'ana m'mbuyo, mawa ayang'ana m'tsogolo. Mbali yoyamba ili ngati chilape, ndipo yachiwiri ndiyo yankho lake. Aristotle, Mgiriki uja amene analemba za luso la kuyankhula zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, anaona chomwechi, kuti zinthu zotsutsana zidziwika bwino koposa zikaikidwa pafupi ndi pafupi. Kutchula zitatu kugwira ntchito mwa njira yofanana. Chinthu chimodzi chili chinthu chabe. Chachiwiri chikadza, womvetsera azindikira kuti pali mndandanda. Chachitatu chitsimikiza mndandandawo ndi kuutseka. Mphika sukhazikika pa mafuwa awiri, ndipo fuwa lachinayi lingopanikiza nkhuni.

Kuti izi si nkhambakamwa za aphunzitsi zinaoneka pamene akatswiri a ku Britain anayamba kumvetsera misonkhano ya ndale yojambulidwa, nayang'ana malo enieni pamene anthu amayamba kuomba m'manja. Max Atkinson analemba za ichi mu 1984. Pambuyo pake John Heritage ndi David Greatbatch anasanthula zoyankhula 476 za pa misonkhano ikuluikulu ya zipani zitatu ya chaka cha 1981, nafalitsa zimene anapeza mu 1986. Anapeza kuti kusiyanitsa ndiyo njira imene inatsogolera kuomba m'manja kawirikawiri koposa njira ina iliyonse, pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse, ndipo mindandanda inali pakati pa njira zotsatira. Chifukwa chake n'chapafupi. Khamu la anthu silingaombe m'manja pamodzi ngati aliyense sadziwa pamene chiganizo chithere, ndipo palibe munthu afuna kuomba yekha nachita manyazi. Chiganizo chodziwitsiratu mathero ake chipatsa onse chizindikiro chimodzi pa nthawi imodzi. Chimene chithandiza manja kuomba pamodzi ndicho chithandizanso mtima kusunga mawuwo, pakuti mawu amene munthu anawayembekeza asanawamve akhala ngati anawanena yekha.

Chitsanzo choyenera kuchiphunzira mofatsa ndicho mawu a Abraham Lincoln, Pulezidenti wa Amerika, pa 19 Novembala 1863. Dzikolo linali pa nkhondo ya pachiweniweni, ndipo kuyambira pa 1 kufikira pa 3 Julaye chaka chomwecho asilikali zikwizikwi anafa pafupi ndi mudzi wa Gettysburg m'chigawo cha Pennsylvania. Anthu anasonkhana kudzapatula manda a asilikaliwo. Woyankhula wamkulu wa tsikulo sanali Lincoln ayi, koma Edward Everett, munthu wophunzira kwambiri, amene anayankhula pafupifupi maola awiri. Lincoln anaimirira pambuyo pake nanena mawu ngati 270 okha, m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Everett sanayankhule moipa, ndipo anthu a masiku amenewo anakonda zoyankhula zazitali. Koma lero n'kovuta kupeza munthu wokumbukira chiganizo chimodzi cha maola awiri aja, pamene ana a sukulu a m'maiko ambiri adziwa mathero a mawu a Lincoln. M'mawa mwake Everett mwini analembera Lincoln kalata yonena kuti akadakondwa akadafika pamtima pa nkhaniyo m'maola awiri monga Lincoln anafikapo m'mphindi ziwiri.

Cholinga cha Lincoln sichinali kulira maliro chabe. Iye anafuna kuti anthu otopa ndi nkhondo alole kuipitiriza kufikira itatha, ndipo kamangidwe ka mawu ake konse katumikira cholinga chimenechi. Pakati pa nkhani yake pali zitatu zoyamba, zimene m'Chichewa zingamveke motere: "Sitingathe kupereka malo ano, sitingathe kuwapatula, sitingathe kuwayeretsa." Woyamba kuphunzira angadabwe, popeza aneni atatuwa ali pafupi kufanana tanthauzo, ndipo mphunzitsi wokonza zolemba akadafafaniza awiri. Koma khutu lifuna nthawi. Anthu anadza kudzapatula manda, ndipo Pulezidenti ali kuwauza kuti sangathe. Akadanena kamodzi, ambiri akadayesa kuti sanamve bwino. Atanena katatu, funso lili m'mtima mwa aliyense: nanga angathe ndani? Apo zitatu zija zasanduka mbali yoyamba ya kusiyanitsa, ndipo yankho lidza pomwepo, lakuti amuna olimba mtima amene anamenyana pamalopo, amoyo ndi akufa, anawapatula kale koposa mphamvu ya otsala ya kuwonjezera kapena kuchotsapo.

Kenaka anabwereza kusiyanitsa komweko ndi mawu ochepa: "Dziko silidzasamala kwambiri, kapena kukumbukira nthawi yaitali, zimene ife tinena pano, koma silingaiwale konse zimene iwo anachita pano." M'chiganizo chimodzichi muli mapasa atatu: kukumbukira ndi kuiwala, ife ndi iwo, kunena ndi kuchita. Liwu lakuti "pano" lokha silisintha, ndipo litseka mbali zonse ziwiri, monga mtanda umodzi wosenza mitolo iwiri. Ili ndilo lamulo loyamba la kusiyanitsa kwabwino: mbali ziwirizo zifanane m'zonse kupatula zimene zili kusiyanitsidwazo, kuti khutu lisavutike kufunafuna pamene pali kusiyana. Mtolankhani amene analemba mawuwo tsiku lomwelo anaika zizindikiro pamene anthu anaomba m'manja, ndipo ziwiri mwa izo zili pa mathero a ziganizo ziwiri zimenezi, zaka zoposa 100 akatswiri a ku Britain aja asanayambe kuwerenga zotere.

Mathero a nkhaniyo ndiwo odziwika koposa, pamene ananena kuti boma la anthu, loyendetsedwa ndi anthu, lotumikira anthu, silidzatha pa dziko lapansi. Apa wophunzira Chichewa ali ndi choti aone. M'Chingerezi zitatuzi zisiyana ndi timawu titatu tating'ono ta phatikizo limodzi, toimirira patsogolo pa dzina lakuti anthu. Chichewa chilibe timawu totere tokwanira, kotero womasulira ayenera kubwereka aneni. Wina angayese kuti potero mphamvu yatayika, koma chinenerochi chibweza ndi dzanja lina chimene chachotsa. Agwirizanitsi a dzina lakuti boma abwera okha, la-, lo-, lo-, namanga zigawo zitatuzo kumayambiriro, pamene liwu lakuti anthu lizimanga kumathero. Womasulira wosasamala akati "boma la anthu, limene anthu amaliyendetsa, ndiponso cholinga chake ndi kuthandiza mtundu wonse," tanthauzo lilipo lonse, koma palibe adzalinyamule kupita nalo kwawo, chifukwa chigawo chilichonse chamangidwa mwa mtundu wakewake.

Kuti khutu likonda zitatu kuoneka bwino pamene lipatsidwa zinayi. Pa 13 Meyi 1940 Winston Churchill, atangokhala Nduna Yaikulu ya Britain, anauza Nyumba ya Malamulo kuti analibe china chowapatsa koma mwazi, ntchito yolemetsa, misozi ndi thukuta. Anatchula zinayi, koma anthu ambiri pokumbukira amati mwazi, thukuta ndi misozi. Anataya chimodzi, ndipo chimene anataya ndicho chosiyana ndi zinzake, pakuti zitatu zotsalazo zonse zituluka m'thupi la munthu ndi kuoneka ndi maso. Sikuti zinayi sizingakumbukike konse. Amalawi achikulire akumbukira ngodya zinayi za nthawi ya Dr. H. Kamuzu Banda, ndizo umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Koma izi zinakhazikika chifukwa cha kubwerezedwa m'sukulu ndi m'misonkhano zaka zambiri. Zitatu zimene Dr. Banda yemweyo anakonda kutchula, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, munthu akadazigwira pa kumva kamodzi. Woyankhula wamba alibe zaka zobwerezera. Ali ndi masana amodzi.

Tsono nkofunika kuona umo mphunzitsi angagwiritsire ntchito zimenezi pa nkhani ya masiku onse. Tinene kuti mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi waitana mfumu ndi makolo, chifukwa ana a Sitandade 1 aphunzira pansi pa mtengo, ndipo afuna kuti mudzi uumbe njerwa mvula isanagwe. Kawirikawiri zimene alemba usiku papepala zikhala zotere: "Chifukwa cha kuchepa kwa zipinda zophunziriramo, ana ena amaphunzirira panja, zimene zimasokoneza maphunziro makamaka nthawi ya mvula, choncho tikupempha makolo kuti athandizepo pa kuumba njerwa, kututa mchenga, kutunga madzi, kufuna nkhuni zootchera, ndi zina zotero." Mulibe bodza m'chiganizochi, ndipo chikadakhala kalata yopita ku ofesi ya maphunziro chikadakwanira. Koma pabwalo chifa, pa zifukwa zitatu zooneka. Mawu ake aakulu, monga kuchepa ndi maphunziro, alibe chithunzi. Mndandanda wake uli ndi zinthu zinayi ndi mchira. Ndipo chithera pa "ndi zina zotero," mawu ouza omvetsera kuti woyankhula mwini watopa.

Ntchito yoyamba si kufuna mawu okoma, koma kufunsa kuti chinthu chimodzi chimene kholo liyenera kukauza mnzake wotsala kumudzi nchiyani. Pano nchakuti ana alibe denga. Pamenepo afune chinthu china cha m'mudzi momwemo chimene chili ndi denga ngakhale sichiposa mwana, ndipo sadzafuna nthawi yaitali: "Mbuzi zathu zigona m'khola, ana athu aphunzira pamtetete." Mbali iliyonse ili ndi mawu anayi, oimirira m'malo ofanana: dzina, mwini wake, mneni, ndi malo. Womvetsera akamva "ana athu aphunzira," adziwa kale kuti liwu lotsala ndi la malo, ndi kuti lidzatsutsana ndi khola.

Zinthu ziwiri zazing'ono zingaononge chiganizochi. Choyamba ndi kutembenuza mbali zake. Akati, "Ana athu aphunzira pamtetete, mbuzi zathu zigona m'khola," anthu adzaseka, natsala ali kuganiza za mbuzi, pakuti chimene chimveka potsiriza ndicho chikhala. Mbali imene woyankhula afuna kuti anthu aigwire iyenera kudza pambuyo nthawi zonse. Chachiwiri ndi phatikizo limodzi lokha. Akati "mbuzi zanu" ndi "ana anu," kusiyanitsa kwasamuka: sikulinso pakati pa mbuzi ndi ana, koma pakati pa mphunzitsi wanzeru ndi makolo osasamala, ndipo wawanyoza pamaso pa mfumu yawo. Adzakumbukira mawuwo ndithu, koma njerwa sadzaumba. Kusiyanitsa kuli konse kugawa dziko pawiri, ndipo woyankhula ayenera kuyang'ana mbali imene waika omvetsera ake, ndi mbali imene waima iye. Lincoln pogawa "ife" ndi "iwo" anadziika yekha pamodzi ndi omvetsera ku mbali yochepa, napatsa akufa ulemu wonse.

Atatha kuonetsa vutolo, alikulitse ndi zitatu: "Dzuwa liwaotcha, fumbi liwatsamwitsa, ndipo mvula ikagwa sukulu yatha." Zitatuzi nza mtundu umodzi, zonse zochokera kunja kumene khoma ndi denga zikadatchinga. Zikwera kuchokera ku chopiririka kufikira ku chosapiririka, ndipo chachitatu nchachitali koposa zinzake. Ichi nchofunika, pakuti khutu limva kutalikako ngati chizindikiro cha kufika. Aoneponso kuti chachitatu chapatuka pang'ono pa kamangidwe ka ziwiri zoyamba. Kupatuka kotere nkololeka pa malo achitatu pokha, pamene ziwiri zakhazikitsa kale njira. Chikachitika pa malo achiwiri, mndandanda sunabadwe nkomwe.

Cholakwa chofala pano ndi chachitatu chongodzazira. Munthu ali ndi zifukwa ziwiri zoona, ndipo pomva kuti zitatu zikoma awonjezapo china chopanda thupi: "Dzuwa liwaotcha, fumbi liwatsamwitsa, ndipo akumana ndi mavuto osiyanasiyana." Malo amene khutu lasungira chinthu cholemera koposa apatsidwa mankhusu. Njira yodziwira njosavuta: achotse chachitatucho, naone ngati kanthu katayika. Ngati palibe chatayika, ndiye kuti ali ndi ziwiri, ndipo ziwiri zikhala bwino zikasandutsidwa kusiyanitsa koposa kuzikakamiza kukhala mndandanda.

Potsiriza pake padza pempho, ndipo apa njira ziwirizi zingalumikizidwe, mbali yachiwiri ya kusiyanitsa ikhale yokha ya zitatu: "Sitipempha ndalama, tipempha dothi, madzi ndi manja athu." Mbali yoyamba ichotsa mantha amene kholo lililonse linadza nawo ku msonkhano, ndipo yachiwiri itchula zinthu zimene palibe angati alibe. Mchenga ndi nkhuni sizinaiwalike; zidzakambidwa ndi komiti pogawa ntchito, pamene anthu avomera kale. Koma pali ngozi imene iyenera kunenedwa mosabisa. Ngati mphunzitsiyo adziwa kuti njerwa zikapsa adzabweranso kudzapempha ndalama za malata ndi simenti, asanene chiganizochi konse. Luso lomwe lichititsa mawu kukumbukika lidzachititsa kuti akumbukike pa tsiku loipa, ndipo padzaimirira nkhalamba ina nimubwezera mawu ake onse osaphonya limodzi. Ayambe wadziwa kumene malata adzachokere, ndipo ngati adzachokera m'matumba a makolo omwewo, asiyanitse zina zoona, monga ntchito ya chaka chino ndi ya chaka chamawa.

Zolembedwa bwino zingafe m'kamwa. Potchula zitatu, liwu likwere kapena likhale m'mwamba pa choyamba ndi chachiwiri, ndipo litsike pa chachitatu; wotsitsa liwu pa chachiwiri wauza anthu kuti watha, ndipo chachitatu chidzagwera m'phokoso. Pakati pa mbali ziwiri za kusiyanitsa pakhale kupuma kokwanira mpweya umodzi, kuti funso libadwe m'mitima yankho lisanadze. Ambiri aopa kachetechete ameneyu nathamangira kutsogolo, ndipo potero ayankha chilape chimene palibe anachimva. Chichewa chili ndi thandizo lakelake pano, popeza pa mathero a chigawo cha mawu phatikizo lotsatana ndi lotsiriza litalika mwachibadwa, monga limveka pa liwu lakuti pamtetete likanenedwa potsiriza. Liwu loimirira pamenepo lilandira kulemera kumene ena salandira, ndipo nkutaya chuma kuikapo mawu onga "choncho" kapena "ndithu."

Muyeso unenedwenso. M'nkhani ya mphindi khumi, ziganizo zomangidwa motere zitatu kapena zinayi zikwanira, ndipo zotsalazo zikhale zoyera, zofotokoza kuti ana ndi angati, njerwa zifunika zingati, ndi tsiku loyamba ntchito. Munthu amene chiganizo chake chilichonse chili ndi mapasa kapena zitatu amveka ngati wogulitsa mankhwala pamsika, ndipo akulu ayamba kusangalala ndi kayankhulidwe kake m'malo moganizira pempho lake. Ndiponso sizinthu zonse zili ndi mbali ziwiri zokha. Pa mlandu wa malire a munda, kumene woweruza afuna kuyanjanitsa abale, kusiyanitsa kwakuthwa kungakulitse mkangano umene mawu ozungulira akadauziziritsa.

Wophunzira uphunzitsi angayese ntchito yake asanaimirire pabwalo. Awerengere mnzake chiganizocho mokweza, naime liwu lotsiriza lisananenedwe. Mnzakeyo akatha kulitchula, kapena kutchula lina lofanana nalo, chiganizocho chamangidwa bwino. Akangoyang'ana modabwa, mbali yoyamba sinalonjeze kanthu, ndipo iyenera kukonzedwa. M'mawa mwake amufunse mnzake yemweyo, wopanda pepala, chimene anamva dzulo. Akabweza zinthu ziwiri mwa zitatu, nthawi zambiri chotayikacho ndicho chosiyana mtundu ndi zinzake, monga inatayikira ntchito yolemetsa ya Churchill, ndipo wophunzirayo afune china cha mtundu womwewo choti chilowe m'malo mwake.